Fisi wagwira ng'ombe, musathire tameki pa nyama yotsalayo

Alimi anzanga amene mumaweta ziweto kufupi ndi tchire, nkhani yanga lero ndi ya miimba, mbalame zija za khosi lopanda nthenga zimene anthu ambiri akaziona amalavula. Ndikudziwa mmene mtima umawawira ukadzuka mmawa n'kupeza fisi kapena mkango wagwira ng'ombe yako, ndiye maganizo oyamba amene amabwera ndi oti nditenge tameki kapena fyuradani ndithire pa nyama yotsalayo kuti chilombocho chikabweranso usiku chione polekera. Vuto ndi loti amene amafa kwambiri pamenepo si fisi ayi, ndi miimba, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake muyenera kudziwa kaye mmene miimba imapezera chakudya.

Anthu ambiri amati muimba umanunkhiza nyama yowola uli kutali. Izi n'zoona kwa mtundu wina wa ku America wa mutu wofiira, koma miimba ya mu Africa, Asia ndi ku Ulaya imadalira maso basi. Mmawa kwambiri simungaione mmwamba, imakhala phee mu mitengo kudikira dzuwa litenthetse nthaka, mpweya wotentha ukayamba kukwera nde imatambasula mapiko n'kumakwera nawo mozungulira osakupiza n'komwe, chifukwa mbalame yolemera makilogalamu 5 kapena 6 ikati izikupiza tsiku lonse ingathe mphamvu isanapeze kanthu. Ikafika mmwamba imamwazikana, uwu apa uwo uko, aliyense akuyang'ana pansi komanso diso lina lili pa mnzake. Umodzi ukaona nyama yakufa, kapena waona chiombankhanga chatera penapake kapena nkhandwe zikuthamangira malo amodzi, umapinda mapiko n'kutsika, wapafupi akaona mnzake akutsika nayenso amatsika, wina wakutali amaona wachiwiriyo, choncho choncho uthenga umayenda makilomita ambirimbiri popanda kulira kulikonse. N'chifukwa chake mumaona kumwamba kuli mbee kulibe kanthu, pakangotha theka la ola pansi padzaza mbalame 50 kapena 100 osadziwa kuti zachokera kuti.

Tsono tiyeni tibwerere ku ng'ombe yanu ija. Mwathira tameki madzulo, fisi wabwera usiku wadyako pang'ono, mwina wafa mwina ayi, mwinanso sanabwere n'komwe. Kwacha, cha m'ma 9 koloko miimba yanyamuka, umodzi waona, waitana anzake onse a dera lonselo mwa njira ija. Muimba umodzi umatha kumeza nyama pafupifupi kilogalamu imodzi pa mphindi zochepa, ndipo mankhwala amenewa amagwira mitsempha msangamsanga moti yambiri imafera pomwepo kapena pansi pa mtengo wapafupi. Ina ikaona anzawo ali pansi imaganiza kuti phwando likupitirira nde imangotsikabe. Ku Botswana mu Juni 2019 anapeza miimba 537 itafa chifukwa cha njovu zitatu zokha zimene opha nyama mozemba anazithira poyizoni. Anthu amenewa amachita dala chifukwa miimba ikamazungulira mmwamba imaulula kwa alonda a nkhalango pamene aphera njovu. Inu simunafune kupha mbalame, koma poyizoni sasankha, zotsatira zake n'zomwezo.

Ndiye kubwezeretsa kwake n'kovuta zedi. Muimba umaikira dzira limodzi lokha pa chaka, kufungatira pafupifupi miyezi iwiri, bambo ndi mayi kusinthana, ndipo mwanayo amatenga zaka ngati zisanu kuti naye ayambe kuswa. Tiyerekeze ng'ombe yanu yapha miimba ikuluikulu 40 nthawi yoswa, zisa zambiri mwa zimenezo anapiye afa ndi njala chifukwa kholo limodzi silingathe kukasaka chakudya uku likulondera chisa. Nkhuku mungataye 40 lero chaka chomwecho khola ladzazanso, miimba sizitero.

Wina afunsa kuti nanga ikatha ife tiluza chani. Funsani anthu a ku India. Kumeneko m'zaka za m'ma 1990 alimi ankabaya ng'ombe zodwala ndi mankhwala ochepetsa ululu otchedwa dayikolofenaki, ng'ombe ikafa patangopita masiku ochepa chibayireni mankhwalawo amakhala akadali mu nyama, muimba ukadya impso zimasiya kugwira ntchito n'kufa m'masiku owerengeka, akautumbula ankapeza zoyera ngati choko zitamata chiwindi ndi mtima. Mtundu umodzi umene unali wochuluka kwambiri unatsika ndi 99.9 peresenti pakati pa 1992 ndi 2007, ndipo sikuti ng'ombe zonse zinali ndi mankhwalawo, zosafika imodzi pa 100 zinali zokwanira. Mu 2006 India, Pakistan ndi Nepal analetsa mankhwalawo pa ziweto koma madzi anali atafika kale m'khosi. Nyama zakufa zinayamba kumangowola pamtunda, agalu osowa mwini anachulukana chifukwa chakudya chinali mbwee, ndipo agalu amenewo ndi amene amafalitsa chiwewe. M'mimba mwa muimba muli asidi wamphamvu kwambiri amene amapha tizilombo tambiri ta mu nyama yowola, komanso imamaliza nyama tsiku lomwelo ntchentche zisanaswanirepo, pomwe galu amakoka fupa mpaka pakhomo pamene ana akusewera.

Zina zimene zikuimaliza ndi mawaya ndi mapolo a magetsi chifukwa mapiko ake ndi otambalala kuposa mamita awiri amagunda mawaya awiri nthawi imodzi, komanso malonda a mitu ndi mapazi ake kwa amene amakhulupirira kuti ubongo wa muimba umaonetsa za kutsogolo. Koma mu Africa poyizoni ndiye akutsogola, pa miimba 10 yopezeka itafa pafupifupi 6 imakhala ya poyizoni, ndipo mbali imeneyi ndi imene mlimi ali nayo mphamvu.

Chochita chake ndi ichi. Chilombo chikagwira chiweto kanenereni a zanyama zakutchire ndipo ndalama ya tameki ija onjezerani pa mitengo ndi waya mulimbitse khola, fisi amalowera pansi ndi pa chitseko nde yang'anani pamenepo. Chiweto chimene chafa chili pa mankhwala ochepetsa ululu musachitaye kutchire, kwirirani mozama kapena otchani, ndipo dokotala wa ziweto akamabaya mufunseni dzina la mankhwala, melokisikamu anayesedwa n'kupezeka kuti sapha miimba.

Mukapeza nyama yakufa mukukayika kuti mwina wina wathirapo, yambani mwayang'ana ntchentche, ngati zafa mbwee pa nyamapo ndi mmbali mwake dziwani kuti pali poyizoni. Pena mumaona timibulu takuda, tabuluu kapena tofiirira pa nyama, mbalame zakufa zitagwa chafufumimba mapiko ali tambalale zala zitafumbata, zamoyo zikudzandira, kusanza, kulephera kuuluka. Musagwire ndi manja, agalu ndi ana akhale kutali, nyamayo wina asatengeko ndiwo ngakhale pang'ono, ndipo chofunika changu kuposa zonse ndi kuphimba nyamayo ndi nthambi kapena lona n'kuikapo munthu wothamangitsa mbalame zina kuti zisatere, uku mwaimbira a zanyama zakutchire. Miimba imene ikupumabe imatha kuchira dokotala akaibaya mankhwala otchedwa atiropini msanga, nde iphimbeni kumutu ndi nsalu mosamala mlomo wake, muiike pa mthunzi. A zanyama zakutchirewo akatenga zokayeza, nyama yonse, mbalame zakufa ndi masanzi omwe ziotchedwe mpaka phulusa, chifukwa nkhandwe ikadya muimba wakufawo nayonso ikafera kwina n'kuitananso miimba ina.