Momwe mungachongere masamu ogawa a mwana n'kumuonetsa mzere weniweni umene walakwitsa

Samu yogawa nambala zazikulu, ija mwana amalemba motsetsereka mpaka pansi pa tsamba, siifuna kuchongedwa poyang'ana yankho lokha. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kulemba mizere isanu ndi umodzi bwinobwino, n'kuphonya umodzi wokha, yankho lonse n'kupotoka. Mukangodula mtanda wofiira pambali pa yankho, iye sadziwa ngati vuto lili pa kuchulukitsa, pa kuchotsera kapena pa kutsitsa nambala, ndipo mawa adzalakwitsa pomwepo. Ntchito ya wochonga, kaya ndi mphunzitsi, kholo kapena mkulu wake wa mwanayo, ndiyo kupeza mzere woyamba umene zinthu zinasokonekera. Zonse za pansi pa mzerewo zimangotsatira cholakwa choyambacho.

Tigwiritsa ntchito samu imodzi: 8,736 ÷ 24. Yankho lake lenileni ndi 364, popanda chotsala. Koma mwana wina wabweretsa kope lake litalembedwa chonchi:

```
      364
24 ) 8736
     72
     ---
     153
     144
     ---
      116
       96
      ---
       20
```

Pansi walembapo kuti yankho ndi 364, kutsala 20.

Yambani ndi funso, osati yankho

Fananitsani nambala za m'kope ndi za m'buku kapena za pabolodi. Ana okhala kumbuyo kwa kalasi amakopera 8,763 m'malo mwa 8,736, ndipo ngati wagawa bwino nambala yolakwikayo ndiye kuti kugawa akukudziwa, vuto ndi kukopera kapenanso maso. Onaninso kalembedwe kake: 1 wofanana ndi 7, 4 wofanana ndi 9, 0 wokhala ndi kamchira ngati 6. Kawirikawiri mwana amalemba 9 mzere wina, pofika mzere wotsatira iye mwini n'kumuwerenga ngati 4. Pa samu yathuyi wakopera bwino, choncho tipitirire.

Werengani manambala a m'yankho

Musanalowe m'mizere, dziwani kuti yankho liyenera kukhala ndi manambala angati. 24 × 100 ndi 2,400, pamene 24 × 1,000 ndi 24,000. Nambala yathu 8,736 ili pakati pa ziwirizi, ndiye yankho liyenera kukhala pakati pa 100 ndi 1,000, kutanthauza la manambala atatu. Mwanayu ali ndi atatu, apa zili bwino. Akanakhala ndi awiri kapena anayi mukanadziwiratu mtundu wa vuto, monga tionere kutsogoloku.

Bwezani samuyo chambuyo

Chulukitsani yankho la mwana ndi nambala yogawira, kenaka muphatikize chotsala chake. Zikakhala bwino mumabwerera pa nambala imene imagawidwa ija. Apa 364 × 24 ndi 8,736, kuphatikiza 20 zikukwana 8,756. Zapyola ndi 20, choncho penapake pali cholakwa.

Musangoti zasiyana n'kusiyira pomwepo, chifukwa kusiyanako kumaloza malo. Ngati mwana waphonya kamodzi kokha pochotsera kapena pochulukitsa, zina zonse n'kuchita bwino, kusiyana kothera ndi ziro mmodzi, monga 20, kumasonyeza kuti ayenera kuti anaphonya pamene ankagawa makumi, ndipo anaphonya ndi 2. Kusiyana konga 200 kukanatitumiza pa mazana. Njirayi siigwira ngati walakwitsa malo awiri, komabe imakupulumutsirani nthawi mukakhala ndi mulu wa makope patebulo.

Tsikani mzere ndi mzere, chala chili pa kope

Samu yogawa imazungulira zinthu zinayi: kugawa, kuchulukitsa, kuchotsera, kutsitsa. Ikatha ulendo umodzi imayambanso. Inunso chongani m'ndondomeko yomweyo, ndipo phimbani mizere ya m'munsi ndi kapepala kuti maso asathamangire kutsogolo.

Ulendo woyamba, mwana watenga 87 popeza 24 sangalowe mu 8. Walemba 3 pamwamba pa 7, malo ake enieni. 24 × 3 ndi 72, zoona. 87 kuchotsa 72 ndi 15, ndipo 15 ndi wochepa kwa 24. Watsitsa 3 n'kupeza 153. Ikani kachongi kakang'ono pambali pa mzere uliwonse wolondola, kuti aone kuti mpaka apa anali pa njira.

Ulendo wachiwiri, 24 mu 153 walemba 6. 24 × 6 ndi 144, zoona. Tsopano kuchotsera: pansi pa 144 pali 116, ndiye kuti anapeza 11 kenaka n'kutsitsa 6. Poyesa kuchotsera musachotsenso, koma phatikizani chokwera: 11 kuphatikiza 144 ndi 155, osati 153. Cholakwa chili pamenepa. Anayenera kupeza 9, ndipo 11 wapyola 9 ndi 2 pa malo a makumi, amene ndi 20 uja tinamuona.

Kupeza mzere n'chimodzi, kudziwa chimene mwana anaganiza n'china, ndipo chachiwirichi n'chimene chimakonza vuto. Taonani mmene 11 anabwerera. Pa 153 kuchotsa 144, mzati wa kumanja uli ndi 3 pamwamba, 4 pansi. Mwanayu anaona kuti 3 kuchotsa 4 sizitheka, m'malo mobwereka anangotembenuza n'kuchita 4 kuchotsa 3, napeza 1. Mzati wotsatira 5 kuchotsa 4, napezanso 1. Si ulesi kapena kuthamanga ayi, ndi lamulo lake limene wadzipangira, loti nthawi zonse chotsa yaing'ono ku yaikulu. Tsegulani masamba a m'mbuyo m'kope lakelo. Ngati paliponse pofunika kubwereka pali cholakwa chomwechi, mwanayu akufunika masamu ochotsera asanapatsidwe ena ogawa.

Mizere yotsala musaidule. Kuchokera pa 116 wake, 24 amalowamo kanayi, 24 × 4 ndi 96, ndipo 116 kuchotsa 96 ndi 20. Njira waitsata bwino, kungoti anayambira pa nambala yolakwika. Zungulizani 11 yekhayo. Onaninso kuti 364 wa pamwamba watuluka wolondola ngakhale mkatimo muli cholakwa. Wochonga mothamanga akhoza kuona 364 n'kupereka malikisi onse, chotsalacho osachilabadira.

Chotsala chikakula kuposa nambala yogawira

Pa ulendo uliwonse, mukatha kuyesa kuchotsera, funsani ngati chotsala chili chochepa kwa nambala yogawira. Chikafanana nayo kapena kuiposa, pali vuto, koma magwero ake amakhala awiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Mwana wina pa 153 pomwepa amalemba 5 pamwamba. 24 × 5 ndi 120, ndipo 153 kuchotsa 120 ndi 33. Kuchulukitsa kuli bwino, kuchotsera kuli bwino, koma mu 33 mukadali 24 wina. Akatsitsa 6 amapeza 336, amavutika nayo mpaka kupeza 14, ndipo amaikankhira yonse pamwamba, yankho n'kukhala 3514. Manambala anayi m'malo mwa atatu. Mzere wozunguliza apa ndi 5 wa pamwamba, osati 14, ngakhale kuti 14 ndiye akuonekera kwambiri.

Winanso amasankha 6 molondola koma n'kulemba 124 pansi pa 153. Anati 4 × 6 ndi 24, nalemba 4, nasunga 2. Kenaka 2 × 6 ndi 12, 2 wosungidwa uja n'kumuiwala. Chotsala chimatuluka 29, choposanso 24. Mukamuuza uyu kuti awonjezere nambala ya pamwamba ikhale 7 mwamusocheretsa, chifukwa 6 wakeyo analibe mlandu. N'chifukwa chake kuchulukitsa kuyenera kuyesedwa musanaweruze nambala ya pamwamba. Kwa ana onse awiriwa zimathandiza kulemba thebulo la 24 m'mphepete mwa tsamba asanayambe: 24, 48, 72, 96, 120, 144, 168, 192, 216.

Chenjerani ndi ulendo womaliza. Mwana akalemba 363 kutsala 24, kubweza chambuyo kuja sikungamugwire, popeza 363 × 24 kuphatikiza 24 ndi 8,736 ndendende. Chomugwira ndi funso lomweli la kukula kwa chotsala.

Ziro wosowa

Cholakwa ichi sichingaoneke pa samu yathu ija, choncho titenge 4,935 ÷ 16. 16 mu 49 alowa katatu, 48, kutsala 1. Kutsitsa 3 kukupereka 13, ndipo 16 salowa mu 13. Apa mwana ayenera kulemba 0 pamwamba asanatsitse 5. Ambiri amangotsitsa 5, n'kupeza 135, n'kulemba 8, kuchotsa 128, kutsala 7. Yankho lawo ndi 38 kutsala 7, pamene loona ndi 308 kutsala 7.

Chosokoneza n'chakuti mizere yonse ya pansi ndi yolondola, mukhoza kuibwereza katatu osapeza banga. Chimaulula ndi kuwerenga manambala: 16 × 100 ndi 1,600, ndiye yankho silingakhale pansi pa 100. Pomuonetsa mwana, jambulani kamuvi kuchokera pa 3 wa mu 4,935 kukwera m'mwamba, aone kuti pamwamba pake palibe kanthu. Nambala iliyonse imene yatsitsidwa iyenera kukhala ndi mnzake pamwamba.

Vutoli limakula pamene mizati yapendekeka, manambala akutsetserekera kumanja moti mwana sakudziwanso imene watsitsa kale. Ena amatsitsa nambala imodzi kawiri, ena amaidumpha. Ngati palibe kope la timabokosi, tembenuzani kope wamba chammbali kuti mizere yake iime chilili, nambala iliyonse ikhale m'mpata wake. Muuzeninso aziika kadontho pansi pa nambala imene watsitsa.

Zolemba m'kope ndi zonena kwa mwana

Mawu akuti "bwereza" kapena "samala" samuuza mwana kanthu. Lembani pafupi ndi pamene mwazunguliza mawu otchula chochitika chenicheni, monga "153 − 144, yesa pophatikiza", kapena "33 ndi wamkulu kwa 24", kapena "pamwamba pa 3 pali chiyani?" Yankho lolondola musalilembe.

Mukakhala naye pafupi, lozani mzerewo n'kunena kuti, "Mpaka apa wakhoza. Tandiuza mmene wapezera 11." Musiyeni alankhule mpaka amalize osamudula. Akanena kuti "4 kuchotsa 3", mwamva nokha gwero la vuto, ndipo nthawi zambiri iye mwini amaima pakati n'kuzindikira. Asafufute ntchito yakaleyo. Akonzere pambali, kuyambira pa 153 kuchotsa 144, kuti aone 9 akulowa m'malo mwa 11, 96 m'malo mwa 116, ndi 20 uja akusanduka 0. Akatero mupatseni samu ina imodzi yokhala ndi msampha womwewo pa ulendo wachiwiri, monga 6,318 ÷ 26, imene yankho lake ndi 243 ndipo mkati mwake ayenera kuchotsa 104 ku 111.