Kumanga sepitiki thanki ndi sokawe zosadyeka ndi zonyansa

Eni nyumba ambiri amadabwa akaona silabu ya sepitiki thanki ikuyoyoka pomwe makoma a pansi pa madzi akadali olimba. Chimene chimadya simenti kwambiri ndi mpweya umene umakhala pakati pa madzi ndi silabu. Zonyansa zikamaola m'malo opanda mpweya wabwino zimatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, wotchedwa haidirojeni salufaidi. Mpweya umenewu ukafika pa khoma lachinyezi pamwamba pa madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso timausandutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amafewetsa simenti mpaka kufika pa zitsulo za m'kati. N'chifukwa chake mmisiri ayenera kusamala kwambiri kunsi kwa silabu, kumtunda kwa makoma ndi potulukira madzi.

Tiyerekeze banja la anthu 8 limene aliyense amagwiritsa ntchito malita 100 patsiku, ndipo madzi onse a kuchimbudzi ndi kubafa akulowa m'thanki. Madzi a tsiku limodzi ndi malita 800, ndipo matope otsalira pansi, powerengera malita 40 pa munthu pachaka, afika malita 960 m'zaka zitatu. Thanki ya malita 3,000 ikwanira bwino: m'kati mwake ikhale mamita 2.4 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, madzi azifika mamita 1.25 kuya, ndipo pamwamba pa madziwo patsale masentimita 30. Khoma la pakati ligawe thankiyo kuti chipinda choyamba chikhale mamita 1.6, popeza m'menemo ndimo matope ambiri amadikha. Paipi yotulutsa ikhale yotsikirapo ndi masentimita 7 kapena 8 poyerekeza ndi yolowetsa, kuti madzi asabwerere kunyumba.

Polowera ndi potulukira paikidwe zolumikizira za nthambi zitatu za pulasitiki yolembedwa PVC, za mamilimita 110, chifukwa asidi ameneyu saidya pulasitiki yotere. Ndimaletsa kugwiritsa ntchito paipi yachitsulo kapena lata pamenepa, ngakhale yonyezimira, pakuti imachita dzimbiri n'kuthothokera m'thanki mwini nyumba osadziwa. Ikagwa, mafuta ndi zoyandama zimapita molunjika ku sokawe, dzenje lomwetsa madzi m'nthaka, n'kuitseka.

Makoma amangidwe ndi njerwa zopsa bwino kapena mabuloko osaboola, pa maziko a konkire, ndipo apakidwe pulasitala wa muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu ya mchenga wa mumtsinje wopanda dothi. Konkire ya silabu isakanizidwe muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera, chifukwa amisiri ena amachulukitsa madzi kuti konkire iziyenda mosavuta, koma madziwo akauma amasiya timabowo timene asidi amalowera. Konkire ikhale yolimbirako, itsenderedwe bwino, ndipo ithiriridwe madzi masiku osachepera 7. Zitsulo zikwezedwe kuti pansi pake pakhale konkire ya masentimita 5, zisagone pa thabwa. Simenti yopirira salufeti, mchere umene umaononga simenti wamba, imathandiza ikapezeka, koma palibe simenti imene asidi sangaidye konse, choncho kupaka phula kunsi kwa silabu ndi kumtunda kwa makoma, konkire itauma, n'kofunikabe. Paipi yotulutsa mpweya, yopitirira denga la nyumba ndi yotchingidwa ndi sefa kumapeto, imachepetsa mpweya woononga uja.

Sokawe ndi dzenje lomwetsa madzi m'nthaka, choncho makoma ake amasanjidwa ndi mipata, kapena dzenjelo limadzazidwa ndi miyala ikuluikulu yolimba. Zigumukire za nyumba ndi njerwa zosapsa zisalowemo, chifukwa zimasungunuka n'kumata nthaka. Sokawe italikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ikhale kumunsi kwake, ndipo pansi pake pakhale mamita 1.5 kapena kuposerapo pamwamba pa madzi a m'nthaka a nthawi ya dzinja. M'dothi la makande ndi m'madambo madzi salowa msanga, ndipo kumeneko ngalande zazitali zosaya, zoyalidwa miyala ndi paipi yoboolaboola, zimagwira ntchito kuposa dzenje lakuya.

Kamodzi pachaka chivundikiro chitsegulidwe ndipo kunsi kwa silabu kukandidwe ndi ndodo yaitali munthu ali panja. Ngati simenti ikuchoka ngati phala loyera, miyala yayamba kuonekera, kapena pali mizere ya dzimbiri, silabuyo yadyeka ndipo ana asayendepo mpaka itasinthidwa. Munthu asalowe m'thanki ngakhale itapopedwa, pakuti mpweya uja ukachuluka mphuno zimaleka kuumva, ndipo umakomola munthu m'kanthawi kochepa. Matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, galimoto yopopa iitanidwe, ndipo isiye matope pang'ono pansi kuti kuola kuyambirenso msanga.