Ngongole za makasitomala zafufutika mu kompyuta: umu ndi momwe mungalembere lipoti

Tiyerekeze kuti muli ndi sitolo ya zipangizo za ulimi pa Luchenza. Alimi a tiyi ochokera mbali za Thyolo ndi Mulanje amatenga feteleza pa ngongole, nkumabweza akalandira ndalama za masamba. Maina awo onse ali mu detabesi ya MySQL pa kompyuta ya mu ofesi. Lachiwiri m'mawa mlimi wina wamaliza kubweza, koma pulogalamu ikukana kutseka ngongole yake. Mnyamata amene amakusamalirani kompyuta walowa mu detabesi kuti akonze pamanja, ndipo walemba izi:

```sql
UPDATE makasitomala SET ngongole = 0;
```

Kumapeto kwake kumafunika `WHERE id = 218`. Popanda mawu amenewo, lamulolo limakhudza mzere uliwonse, choncho aliyense amene ali mu tebulo wakhululukidwa ngongole.

Zinthu zikakhalako bata pamafunika lipoti lotchedwa postmortem. Akatswiri a makompyuta adabwereka dzina lake ku chipatala, kumene madokotala amapima mtembo kuti adziwe chapha munthu. Pa bizinesi yaing'ono masamba awiri akwana, bola lilembedwe sabata isanathe, anthu asanayambe kuiwala.

Choyamba, sungani umboni musanakonze kalikonse. Uzani onse asiye kulowetsa malonda mu kompyuta, ayambe alemba m'kope. Tengani kope la detabesi yowonongekayo momwe ilili. Ambiri amadumpha apa, amati chowonongeka nchosungiranji, koma mkati mwake muli malonda a Loweruka ndi Lolemba amene mwina kwina kulikonse kulibe. Jambulaninso pa foni yankho limene MySQL idapereka:

```
Rows matched: 412  Changed: 367  Warnings: 0
```

Mzere umenewu ndi mutu wa lipoti lonse. Ukunena kuti lamulo lidapeza makasitomala 412 ndipo lidasintha 367. Ena 45 aja analibe kale ngongole. Pa 367, mmodzi ndi mlimi uja amene amayeneradi kufika pa 0, ndiye olakwika ndi 366. Lembani nambala imeneyi. Mawu akuti "ambiri" sathandiza aliyense.

Kachiwiri, ndondomeko ya nthawi. Lembani ola ndi mphindi, ndi kumene mwazipeza: pa risiti, pa uthenga wa pa foni, pa chithunzi chija. M'chitsanzo chathu, bakapu yomaliza, kutanthauza kope la detabesi losungidwa padera, idatengedwa Lachisanu 17:00. Lamulo lidaperekedwa Lachiwiri 10:40. Nthawi ya 14:15 mayi wina adabwera kudzabweza K60,000, kompyuta nkunena kuti alibe ngongole, mayiwo nkuumirira kuti ali nayo. Pofika 14:30 malonda a pa kompyuta adaimitsidwa.

Apa pali mipata iwiri, ndipo lipoti labwino limakhalitsa pa yonse. Woyamba ndi wa maola atatu ndi theka amene palibe adazindikira. Bwanji? Chifukwa amene adabwera m'mawawo anali otenga katundu, ndipo pulogalamu imangowonjezera ngongole yatsopano pa 0 popanda kudandaula. Chikhala mayi aja sadali okhulupirika, mwina sabata ikadatha. Mpata wachiwiri ndi wa pakati pa Lachisanu madzulo ndi Lachiwiri masana, umene bakapu siikuudziwa nkomwe.

Kachitatu, fotokozani momwe mwabwezeretsera, mokwanira kuti munthu wina angathe kutsatira. Bakapu musaithire pamwamba pa detabesi yogwirira ntchito, mungafufutenso za masiku atatu, nkukhala maliro achiwiri. Pangani detabesi yopanda kanthu, muitche `yoyesera`, muithire mmenemo:

```
mysql -u root -p yoyesera < lachisanu.sql
```

Musanatero, tsegulani fayiloyo muone ngati muli mzere woyamba ndi `USE`. Ukakhalamo, MySQL idzasiya `yoyesera` nkukalemba mu detabesi yotchulidwa pamzerewo, imene ndi yeniyeni ija. Uchotseni kaye.

Kenako gawani anthu 366 aja m'magulu. Tinene kuti 329 sadagule kapena kubweza kalikonse chichokereni Lachisanu; ngongole zawo zingotengedwa mu bakapu. Otsala 37 ndi a pamanja: ngongole ya Lachisanu, kuwonjezera zimene adatenga, kuchotsa zimene adabweza, potsata buku la malisiti ndi mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba pa foni ya sitolo. Tinene 31 atheka. Asanu ndi mmodzi malisiti awo sakuwerengeka, pafunika kuwaimbira. Lipoti linene poyera kuti 6 sadatsimikizike, ndipo amene akuwalondola ndi ndani. Kubisa nambala imeneyi ndiye kumabweretsa mkangano pa kauntala mwezi wamawa. M'lipotilo gwiritsani nambala za makasitomala osati maina, chifukwa ngongole ya munthu si nkhani yoti iyende pa gulu la WhatsApp la antchito.

Pali njira yachidule imene muyenera kunena ngati idayesedwa. MySQL 8.0 imasunga kaundula wa zosintha zonse kwa masiku 30 ngati palibe adamuzimitsa, ndipo pulogalamu ya `mysqlbinlog` ikhoza kuonetsa zimene zinali mu mzere uliwonse lamulo lisanaperekedwe. Koma masitolo ena amagwiritsa XAMPP, imene mkati mwake muli MariaDB, ndipo kumeneko kaundulayu amabwera ali wozimitsa. Lamulo la `SHOW VARIABLES LIKE 'log_bin';` likuuzani: `ON` kapena `OFF`.

Kachinayi ndi gawo limene eni mabizinesi amalakwitsa kwambiri: chidachititsa nchiyani. Mtima umafuna kulemba kuti mnyamata adaiwala `WHERE`, basi, kenako kumudula malipiro. Zoona adaiwala. Koma lipoti likathera pamenepo, mawa wina akalakwitsa adzakhala chete, ndipo maola atatu aja adzasanduka masabata atatu. Musalembe dzina lake. Lembani kuti "wosamalira detabesi", kenako funsani mafunso amene akupitirira iye. Adaloweranji pamanja? Chifukwa pulogalamu imakana kutseka ngongole, ndipo vutoli lidanenedwa kale koma silidakonzedwe. Detabesi idaloleranji? Chifukwa chotchinga cha `SQL_SAFE_UPDATES` chinali chozimitsa. Adalepheranji kubweza? Chifukwa MySQL imasunga lamulo lililonse nthawi yomweyo, pokhapokha munthu atayamba ndi `START TRANSACTION`. Bakapu inali yakale bwanji? Chifukwa imadalira munthu kukumbukira kulowetsa fulashi Lachisanu. Mayankho ena akuloza mwini sitolo, ndipo alembedwe choncho.

Pomaliza, zoti zichitike. Chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. "Tidzasamala" si ntchito. Ntchito ndi monga iyi: kuyambira lero, kusintha kulikonse kwa pamanja kuzichitika motere:

```sql
SET SQL_SAFE_UPDATES = 1;
START TRANSACTION;
UPDATE makasitomala SET ngongole = 0 WHERE id = 218;
```

Yankho likati `Rows matched: 1`, alembe `COMMIT;`. Likati nambala ina, alembe `ROLLBACK;` ndipo zonse zibwerera mwakale. Dziwani kuti kubwezaku kumatheka pa matebulo a InnoDB; a MyISAM sabwerera, ndiye onani kaye mtundu wa anu. Chotchinga chija chikayatsidwa, lamulo lopanda `WHERE` limakanidwa ndi uthenga wa `ERROR 1175`.

Onjezani kuti bakapu izitengedwa yokha ndi `mysqldump` tsiku lililonse nthawi yotseka, kope lina lizigona kunja kwa sitolo, ndipo kamodzi pa mwezi izithiridwa mu `yoyesera` kuti muone ngati ikutsegukadi. Wokonza pulogalamu apatsidwe tsiku lomalizira vuto lotseka ngongole lija. Pansi pa lipoti lembani tsiku limene mudzakhalenso pansi, mwina pakatha masabata awiri, kuti muone ngati alimi 6 aja apezeka ndi ngati bakapu ya dzulo lake ilipo.