Momwe mungawerengere mtengo weniweni wa katundu wa pa intaneti wogulitsidwa m'ndalama zakunja

Mtengo umene umaoneka patsamba la wogulitsa wa kunja si ndalama imene idzachoke mu akaunti yanu. Pakati pa mtengo wolembedwawo ndi ndalama imene banki imadula pali zinthu zitatu: amene akusintha ndalamayo, mtengo wosinthira umene iye akugwiritsa ntchito, ndi tsiku limene kusinthako kukuchitika. Titsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, cha munthu amene akaunti yake ili m'madola a ku America ndipo akufuna kugula chipangizo cha mayuro 200. Manambala a mitengo yosinthira m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake n'kamodzimodzi pa ndalama ya dziko lililonse.

Choyamba, tsimikizani kuti mtengowo uli m'ndalama ya dziko liti. Chizindikiro cha $ sichitanthauza dola ya ku America nthawi zonse, chifukwa mayiko a Canada, Australia ndi Singapore nawo ndalama zawo amazitcha madola, ndipo mphamvu zake n'zosiyana. Chodalirika ndi zilembo zitatu zimene ndalama iliyonse ili nazo: USD ndi dola ya ku America, CAD ya ku Canada, EUR ndi yuro, ndipo GBP ndi paundi ya ku Britain. Muonetsetsenso kalembedwe ka manambala, popeza m'mayiko ambiri a ku Ulaya 1.200,00 amatanthauza mayuro 1,200, osati yuro imodzi ndi masenti 20.

Chachiwiri, musasinthe mtengo wa katundu yekha. Ikani katunduyo mudengu la patsambalo, lembani dziko limene akupita, ndipo mufike patsamba lomaliza lolipirira koma osalipira. Apo m'pamene ndalama yotumizira katundu imaonekera. M'chitsanzo chathu kutumiza ndi mayuro 20, choncho ndalama yoti isinthidwe ndi mayuro 220. Msonkho wolowetsera katundu m'dziko ndi nkhani ina, ndipo ogulitsa ambiri sauphatikiza pamtengowu.

Chachitatu, pezani mtengo wosinthira ndipo muuwerenge moyenera. Mukafufuza pa intaneti mudzapeza chinthu cholembedwa motere:

```
EUR/USD = 1.10
220 x 1.10 = 242.00
```

Mzere woyambawo ukutanthauza kuti yuro imodzi ikugulidwa ndi dola 1.10. Ndalama yolembedwa koyamba ndi imene ikugulidwa, ndipo nambalayo ndi mtengo wake m'ndalama yachiwiri. Popeza mtengo wa katundu uli m'mayuro, mumachulukitsa, ndipo mupeza madola 242. Tsamba lina likhoza kulemba motembenuza, kuti USD/EUR = 0.909, ndipo pamenepo mumagawa 220 ndi 0.909. Ambiri amalakwitsa apa pochulukitsa pomwe amayenera kugawa, koma n'zosavuta kudzigwira: ngati yuro imodzi imaposa dola imodzi, yankho la m'madola liyenera kukhala lalikulu kuposa 220. Mukapeza pafupifupi 200, ndiye kuti mwatembenuza masamuwo.

Madola 242 amenewa musawakhulupirire kwambiri. Mtengo umene masamba ofufuzira amaonetsa ndi wapakatikati, wokhala pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira pamsika umene mabanki akuluakulu amasinthanapo ndalama. Banki yaikulu ya mayiko ogwiritsa ntchito yuro imatulutsa mitengo yotere tsiku lililonse logwira ntchito, ndipo imanena poyera kuti ndi yongodziwitsa anthu. Munthu wogula ndi khadi sapatsidwa mtengo umenewu. Ntchito yake ndi kukhala muyezo woonera kuti amene akukusinthirani ndalama wawonjezerapo zingati.

Chachinayi, ndipo apa m'pamene pamafunika kudekha, wonjezerani zimene kampani ya khadi ndi banki yanu zimadula. Makampani a Visa ndi Mastercard ali ndi masamba owerengetsera mtengo wawo wosinthira, pomwe mumasankha tsiku, ndalama ya wogulitsa, ndalama ya khadi lanu, ndi peresenti imene banki yanu imawonjezera. Mtengo wawo nthawi zambiri umakhala pafupi ndi wapakatikati uja. Tiyerekeze kuti lero ndi 1.105, kutanthauza kuti mayuro 220 ndi madola 243.10. Kenako banki imene inakupatsani khadi imaika yake ndalama ya malonda akunja, imene kumabanki ambiri imakhala pakati pa 1 ndi 3 peresenti, ngakhale kuti ena sadula kalikonse ndipo ena amapitirira apo. Nambala imeneyi imapezeka pandandanda wa mitengo ya ntchito za banki, ndipo ndi bwino kufunsanso ngati pali ndalama ina yokhazikika imene amadula pa malonda alionse, chifukwa pa katundu wotsika mtengo imeneyo ndiyo imapweteka kwambiri. Ngati banki yanu imadula 3 peresenti, masamu ake ndi awa:

```
220 x 1.105 = 243.10
243.10 x 1.03 = 250.39
```

Chipangizo chimene poyamba chimaoneka ngati cha 200 tsopano chafika pa madola 250.39. Palinso mabanki amene salandira mtengo wa kampani ya khadi mwachindunji: ngati ndalama ya akaunti yanu sigulitsidwa kwambiri pamsika wa padziko lonse, mayuro amatha kusinthidwa kaye kukhala madola, kenako banki n'kusintha madolawo kukhala ndalama ya kwanu pamtengo wake wogulitsira. Zikatero mwalipira kusintha kawiri, ndipo mtengo woti muugwiritse ntchito pagawo lachiwirilo ndi umene banki imagulitsira dola, osati umene imagulira.

Chachisanu, samalani ndi funso limene limabwera pa nthawi yolipira. Masamba ena akazindikira kuti khadi lanu ndi lakunja, amakupatsani mwayi wolipira m'ndalama ya kwanu, ndipo pena pamalembedwa zilembo zakuti DCC. Zimaoneka zothandiza chifukwa mumaona nambala imene mukuidziwa, koma tanthauzo lake n'lakuti kusinthako kuchitidwa ndi wogulitsa kapena kampani yomulandirira ndalama, pamtengo umene iwo asankha. Njira youyezera ndi kugawa ndalama imene akukuuzani ndi mtengo wa m'mayuro. Ngati akuti mulipire madola 256.52, kugawa ndi 220 kukupatsani 1.166, umene ukuposa wapakatikati uja ndi 6 peresenti. Khadi lanu likanakudulani 250.39, choncho kusankha mayuro kukupulumutsirani madola opitirira 6. Choipa china n'chakuti mabanki ena amadulabe ndalama yawo ya malonda akunja ngakhale mwalipira m'ndalama ya kwanu, chifukwa chakuti wogulitsayo ali kunja, ndipo zikatero 256.52 imafika pa 264.22. PayPal, kampani imene anthu amalipirira kudzera mwa iyo pa intaneti, nayo imakonda kusintha yokha ndalama pamtengo wake, koma kawirikawiri imalola wolipira ndi khadi kusankha kuti kusinthako kuchitidwe ndi amene anapereka khadilo. Ine ndimaona kuti kulipira m'ndalama ya wogulitsa ndiko kuyenera kukhala chizolowezi, ndipo njira inayo isankhidwe pokhapokha masamu ogawa aja aonetsa kuti ndi yotsika mtengo.

Tsopano tifike pa nkhani ya tsiku. Mukadina batani lolipirira, banki siitumiza ndalama nthawi yomweyo. Imangoigwira kaye, ndipo mu akaunti mumaoneka mawu ngati Pending. Wogulitsa amadzatenga ndalamayo pambuyo pake, mwina patatha tsiku limodzi kapena masiku angapo, ndipo ena amadikira mpaka katundu atanyamuka. Malingana ndi kampani ya khadi komanso banki, mtengo wosinthira umene umagwira ntchito ukhoza kukhala wa tsiku limene ndalama inagwidwa kapena wa tsiku limene malondawo anamalizidwa. Ngati ndi wa tsiku lomalizira, ndipo yuro yakwera ndi 2 peresenti kufika pa 1.127, mayuro 220 akhala madola 247.94, ndipo pophatikiza 3 peresenti ya banki afika pa 255.38. Mwalipira madola pafupifupi 5 owonjezera popanda wina aliyense kulakwitsa. Yuro ikanatsika, phindu likanakhala lanu.

Pakati pa ndalama zikuluzikulu, kusintha kwa tsiku limodzi nthawi zambiri sikufika pa 1 peresenti, koma pali masiku amene zinthu zimatembenuka mwadzidzidzi. Anthu a ku Britain atavota pa 23 Juni 2016 kuti atuluke mumgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, paundi inagwa usiku umodzi kuchoka pafupifupi pa dola 1.50 kufika cha pa 1.33. M'mayiko amene banki yaikulu ndiyo imaika mtengo wa ndalama, mtengo ukhoza kukhala malo amodzi kwa miyezi kenako n'kusintha kwambiri tsiku limodzi ndalama ikachepetsedwa mphamvu. N'chifukwa chake n'kwanzeru kusiya mu akaunti ndalama yoposa imene mwawerengera ndi 3 mpaka 5 peresenti, ndiponso kupewa kuitanitsiratu katundu amene adzalipiridwe patapita milungu ngati ndalama ya kwanu ikugwa mphamvu. Kudikira kuti mtengo utsike pa katundu wa mayuro 220 n'kosathandiza kwenikweni, chifukwa peresenti imodzi ndi madola awiri ndi theka okha, pomwe kusankha molakwika patsamba lolipirira kukhoza kukudyerani kuwirikiza kangapo.

Kubweza katundu nako kuli ndi masamu ake amene ambiri sawayembekezera. Wogulitsa amabweza mayuro 220 amene analandira, ndipo amasinthidwa pamtengo wa tsiku lobwezeralo. Ngati pofika tsikulo yuro yatsika kufika pa 1.08, mu akaunti mudzalowa madola 237.60. Mabanki ambiri sabwezanso ndalama imene anadula pa malonda akunja, choncho amene analipira 250.39 wataya madola 12.79 ngakhale kuti wogulitsa wabweza zonse. Kudandaula kwa wogulitsa pa kusiyana kumeneku sikuthandiza, chifukwa mbali yake waikwaniritsa.

Chomaliza, malonda akamalizidwa, tsegulani sitetimenti ya akaunti ndipo mugawe ndalama yonse imene yadulidwa ndi mtengo wa m'mayuro wa pa lisiti. M'chitsanzo chathu, 250.39 kugawa ndi 220 ndi 1.138, ndipo umenewu ndiwo mtengo weniweni umene mwagulira yuro imodzi. Uyerekezeni ndi mtengo wa kampani ya khadi wa tsiku limenelo. Ngati kusiyanako kukufanana ndi peresenti ya banki yanu, zonse zili bwino. Ngati kukuposa pamenepo, onani lisiti kuti mudziwe ndalama imene wogulitsa anagwiritsa ntchito. Lisiti likaonetsa madola pomwe inu munasankha mayuro, ndiye kuti ndalama inasinthidwa ndi wogulitsa popanda chilolezo chanu, zimene malamulo a Visa ndi Mastercard salola, ndipo mukhoza kukadandaula kubanki yanu mutanyamula lisitilo pamodzi ndi chithunzi cha tsamba lolipirira chimene munajambula musanadine batani.