Musatumize katundu ndalama musanaione m'balansi yanu

Amene mumagulitsa zitenje, nsapato kapena mafuta odzola pa WhatsApp ndi Facebook, kasitomala wanu nthawi zambiri simumuona ndi maso. Chimene mumaona ndi uthenga wakuti "ndatumiza" ndi sikirinishoti. Dziwani kuti sikirinishoti si ndalama. Chithunzi munthu amatha kuchikonza, kapena kutumizanso chakale. Ngakhale uthenga wa SMS umapekedwa: wakuba amakopera mawu a uthenga weniweni, n'kusintha ndalamayo, n'kukutumizirani kuchokera pa nambala wamba. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, pamzere womwewo umene mauthenga anu akale a ndalama ali.

Komabe musadalire zimenezo zokha. Umboni wodalirika ndi balansi imene mwaiona nokha pa foni yanu, poimba *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa TNM Mpamba. Kuti zimenezi zithandize, muyenera kudziwa imene inalipo kale. Ngati munali ndi K42,000 ndipo wina akuti watumiza K18,000, muyenera kupeza K60,000. Ikakhalabe K42,000, katundu asachoke, ngakhale kasitomalayo akulumizitse chotani kuti basi ikunyamuka. Ndipo ndi bwino kukhala ndi laini ya bizinesi yokha, chifukwa ndalama ya malonda ikasakanikirana ndi ya ndiwo ndi ya mayunitsi a magetsi, kuwerengera kumeneku kumavuta.

Vuto lalikulu limabwera ndalama ikalowadi koma osadziwa kuti ndi ya ndani. Tiyerekeze kuti mumagulitsa zitenje ku Limbe, ndipo Lachisanu anthu atatu aitanitsa katundu wa K18,000 aliyense: mmodzi wa ku Mzuzu, mmodzi wa ku Zomba, wina wa ku Mangochi. Pofika madzulo ndalama zalowa ziwiri zokha, koma onse atatu akuti alipira. Mayina a pa mauthenga sakukuthandizani, poti wina watumiza pa foni ya amuna ake, ndipo wina wapereka ndalama kwa ejenti, choncho pakuoneka dzina la ejentiyo. Mutumiza kwa ndani?

Izi zimapewedwa kasitomala asanalipire. Khalani ndi kope, ndipo oda iliyonse muipatse nambala yake, muilembe pamodzi ndi dzina, katundu ndi mtengo. Kenaka mufunseni kuti, "Mutumiza kuchokera pa nambala iti, ndipo pa foniyo pali dzina la ndani?" Lembani yankholo. Akatumiza, akupatseni nambala ya transakishoni, ija yaitali yosakaniza zilembo ndi manambala imene imabwera mu uthenga. Iyerekezeni ndi ya mu uthenga umene inu mwalandira, ndipo onaninso nthawi imene ndalamayo yalowa. Zikagwirizana, lembani nambalayo pamzere wa odayo, ndipo isadzalembedwenso pa oda ina. Lamulo limeneli ndi limene limagwira munthu wotumiza sikirinishoti ya mnzake, chifukwa mukayang'ana m'kope mupeza kuti nambalayo inalipirira kale katundu wina.

Njira ina imene ndimaikonda kwambiri ndi yosiyanitsa mitengo pang'ono. Wa ku Mzuzu mumuuze atumize K18,010, wa ku Zomba K18,020, wa ku Mangochi K18,030, ndipo mumufotokozere chifukwa chake. Zikalowa K18,010 ndi K18,030, mwadziwa kale kuti amene sanalipire ndi wa ku Zomba, kaya dzina la pa uthenga ndi la ndani. Malire ake ndi akuti anthu ena amaiwala n'kutumiza K18,000 yokha, ndiye kope lija musalitaye.

Nkhani ya ndalama yochotsera muikambiretu potchula mtengo. Mukanena mochedwa, mmodzi aonjezera, wina saonjezera, ndipo manambala anu asokonekera.

Chenjeraninso ndi amene amaimba foni n'kunena kuti watumiza mopitirira, mwachitsanzo K81,000 m'malo mwa K18,000, ndipo akupempha kuti mubweze K63,000 msanga pa nambala ina. Yambani mwaona balansi. Nthawi zambiri mupeza kuti palibe chalowa. Ngati yalowadi, musaitumize ku nambala yachilendo. Imbirani kampani pa nambala yake yothandizira makasitomala kuti ikuuzeni njira yobwezera, ndipo lembani zonse m'kope. Wina akakuimbirani n'kudzitcha wa ku kampani, nafuna nambala yanu yachinsinsi kapena kukuuzani manambala oti mudine, dulani foni. Polandira ndalama simufunika kudina kanthu kalikonse.

Madzulo musanagone, phatikizani ndalama zonse za maoda olipiridwa pa balansi ya m'mawa, muchotsepo zimene mwatulutsa pamodzi ndi zimene kampani yadula. Chotsalacho chifanane ndi balansi ya pa foni. Pakakhala ndalama yolowa yopanda mwini, ilembeni pa tsamba lapadera ndi nambala yake ya transakishoni, ndipo musaigwiritse ntchito mpaka mwini wake apezeke.