Kuzindikira piritsi lopanda dzina

"Ndapeza mapiritsi oyera m'kathumba ka kuchipatala, koma dzina linafufutika. Ali ndi zilembo. Ndingadziwe bwanji kuti ndi mankhwala anji?"

Konzani mbale youma, rula ndi foni, mukhale powala.

1. Ikani piritsi limodzi m'mbalemo, mulijambule mbali zonse pafupi ndi rula. Musalilawe.

2. Koperani zilembozo momwe zilili. Piritsi likazondoka 6 amaoneka ngati 9, ndipo likaperepeseka 0 ndi O sizisiyana.

3. Lembaninso kukula, mtundu komanso ngati lili ndi mzere pakati. Izi zimangochotsa mankhwala amene sangakhale amenewo. Panado ndi bakitirimu nthawi zambiri onse amakhala oyera, ozungulira, amzere pakati, koma bakitirimu ali ndi salufa amene ena amawatulutsa zidzolo zoopsa.

4. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: akapeza chithunzi chofanana pa intaneti, basi amwa. Zilembo amasankha ndi kampani yopanga, ndiye makampani awiri akhoza kudinda nambala imodzi pa mankhwala osiyana. Achinyengo nawo amakopera chidindo, mtundu ndi kukula komwe. Ku Amereka mapiritsi abodza olembedwa M30 apezeka ndi fentanilo, mankhwala amene pang'ono chabe amapha. Ngakhale piritsilo likhale lenileni, silinena tsiku lotha mphamvu.

5. Tengani mapiritsiwo, kathumbako ndi buku la kuchipatala la mwini wake mupite ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, muno mu Lilongwe. Bukulo limathandiza kuposa zilembo. Wa mankhwala naye amangoyerekeza, chotsimikiza n'kuyeza ku labotale. Akakayika, asiyeni komweko, mukalandire ena.