Momwe mungalembere kalata yosiyira mkonzi mnzanu ntchito ya vidiyo

Tsiku lina ndinathamangira kumaliro kumudzi ndili pakati pokonza vidiyo ya ukwati. Ndinapatsa mkonzi mnzanga hadi dirayivi n'kungoti, "Achimwene, zonse zili momwemo." Zinalimodi, koma amene ankadziwa pamene chilichonse chili ndinali ine ndekha. Chiyambire pamenepo sindisiya ntchito popanda kalata, ndipo ndimailemba chonchi.

Choyamba, tsegulani Notepad, kalatayo muipatse dzina loti 00_WERENGANI.txt ndipo muiike m'foda yaikulu ya ntchitoyo. Manambala awiri akutsogolowo amaikweza pamwamba pa mafayilo ena onse. Musaitumize pa WhatsApp pokha, imakwiririka ndi mauthenga a gulu la kutchalitchi. Pamzere woyamba lembani pulogalamu imene munagwiritsa ntchito ndi chaka chake, chifukwa ntchito yosungidwa mu Premiere Pro yatsopano imakana kutseguka mu yakale. Tchulaninso kuti zithunzi ndi 25 pa sekondi, ngati munajambula motero.

Kenako jambulani mmene mafoda akhalira:

```
2024-08-17_ukwati_Zomba
  01_kamera/A_khadi1, A_khadi2, B_khadi1
  02_mawu
  03_nyimbo_ndi_zithunzi
  04_projekiti
  05_zotuluka
```

Pansi pake fotokozani kuti A ndi kamera iti, B ndi iti, komanso fayilo imene ili yeniyeni mu 04. Ine ndimalemba v01, v02, v03, ndipo ya nambala yaikulu ndiyo yogwirirapo. Mayina onga final, final2 ndi final_zenizeni amasokoneza ngakhale mwiniwake pakatha sabata imodzi.

Tsopano nkhani ya mayina a mafayilo a m'kamera, pamene ine ndinapsa. Tinajambula ndi makamera awiri a Sony, ndipo iliyonse inayamba kuwerenga pa C0001.MP4. Choncho panali mafayilo awiri a dzina limenelo, ina ya kutchalitchi, ina ya kuholo. Ine ndinawaika m'mafoda awiri otchedwa Card ndi Card new. Pa kompyuta yanga dirayiviyo inali E:, kwa mnzanga inakhala F:, ndiye atatsegula ntchito zonse zinali zofiira, zolembedwa Media Offline. Izi si zoopsa, umangopita pa Link Media n'kulozera pamene fayilo ili. Koma iye analozera C0001.MP4 ya m'foda yolakwika, ndipo poti Relink others automatically inali yochongedwa, mafayilo ena a mayina ofanana anatsatira omwewo. Mawu tinajambula padera, kotero sanasunthe. Abusa ankamveka akulumbiritsa akwati, pamene pachithunzi panali anthu akuvina perekaniperekani. Mnzangayo sanali ku ukwatiwo, ndiye anayamba kukonza mtundu wa zithunzi osadziwa kuti zasinthana. Chimene chikanamudzidzimutsa ndi timizere topendekeka timene Premiere imaonetsa pachidutswa ngati fayilo yolumikizidwa yafupika kuposa gawo limene linadulidwa.

Mankhwala ake ndi kusintha mayina musanalowetse chilichonse mu pulogalamu: A1_C0001.MP4, B1_C0001.MP4, kutanthauza kamera ndi khadi. M'kalatamo lembani lamuloli ndi chitsanzo chimodzi, kenako chenjezo loti asasinthe dzina kapena kusuntha fayilo iliyonse mu 01. Ngati munalowetsa kale musanasinthe mayina, asiyeni choncho, koma lembani momveka kuti foda yakutiyakuti ndi ya kutchalitchi, inayo ndi ya kuholo, ndiponso kuti mayina ndi ofanana.

Za dirayivi ndinenepo pang'ono. Ngati mnzanu ali ndi Mac, imene ili mu NTFS adzaiwerenga koma sadzasungapo kanthu, ndiye yabwino ndi exFAT. Musakopere pa tifulashi totchipa ta m'mbali mwa msewu tolembedwa 1TB. Timaonetsa ngati talandira zonse, koma mawa lake mafayilo satseguka. Njira yachidule yosonkhanitsira zonse ndi File > Project Manager, n'kusankha Collect Files and Copy to New Location, kungoti mafonti sapita nawo. Amenewo lembani mayina ake m'kalata.

Gawo lomaliza ndi ntchito yotsala. Musalembe kuti "kukonza mawu". Lembani nthawi yake: pa 00:42:10 mawu a ankhoswe akumveka pansi, tengani a m'foda 02. Pamalopo dinani M kuti pakhale chizindikiro. Siyanitsani zimene zikudikira mkonzi ndi zimene zikudikira eni ukwati, monga kalembedwe ka mayina a operekeza. Onjezani zimene eni ake anakana kuti zioneke, tsiku lopereka ntchito, ndi ngati ndalama yatsala.

Mukatha, lumikizani dirayiviyo pa kompyuta ina, mutsegule ntchitoyo potsatira kalata yokhayo. Pamene mwakakamira, onjezani mzere.